Kalembedwe ka nkhani yaifupi ya agogo pa msika wa Lizulu

Nkhani ya agogo amene apita kumsika kukagula zoti alandirire adzukulu obwera kutchuthi imaoneka yosavuta, n'chifukwa chake olemba ambiri ongoyamba kumene amaithamangira. Koma kawirikawiri imatuluka yozizira. Wolemba amatiuza kuti agogo ndi osauka, amatiuzanso kuti amakonda adzukulu awo, kenaka agogo aja amalira pang'ono, nkhani n'kutha. Wowerenga sanaone ndalama, sanamve mtengo wa chinthu, ndipo sanaone agogo akusankha kalikonse. Mphamvu ya nkhani yotereyi ili pa chinthu chimene agogo anyamula m'manja, kuchitembenuza, kufunsa mtengo, kenaka n'kuchibwezeranso pa benchi. Malangizo ali m'munsimu ndi okuthandizani kufika pamenepo. Tigwiritsa ntchito chitsanzo chimodzi chokha: agogo aNangozo, mpangankhani wopeka, amene akupita pa msika wa Lizulu ku Ntcheu.

Choyamba: sankhani mwezi musanalembe liwu lililonse

Mwezi ndi umene ukuuzeni zimene zili m'nkhokwe mwa agogo, zimene zili pa msika ndi zimene ana akazifune. Ana a sukulu amabwera kumudzi makamaka pa tchuthi chachitali chimene chimayamba mu Julayi, kapena pa tchuthi cha Khirisimasi. Nyengo ziwirizi zimabala nkhani ziwiri zosiyana kotheratu.

Mu Disembala mvula ili mkati, kumunda kuli ntchito yopalira, chimanga chayamba kuchepa m'nkhokwe zambiri, ndipo ndalama iliyonse ikulimbirana ndi feteleza. Pa msika pali mango, masuku ndi mapichesi. Agogo a mu Disembala nkhawa yawo ndi ufa weniweniwo. Kumapeto kwa Julayi zinthu n'zina. Anthu akolola, chimanga chilipo, nyemba zilipo, koma kumapiri a Dedza ndi Ntcheu kukuzizira zoopsa, m'mawa nkhungu ili tolo. Agogo a mu Julayi saopa njala. Chimene chikuwavuta ndi zinthu zimene munda subala: mchere, sopo, mafuta ophikira, shuga, nsomba ndi chofunda.

M'chitsanzo chathu tasankha kumapeto kwa Julayi, ndipo ndikukulangizani kuti ngati ndi nkhani yanu yoyamba, nanunso muyambe ndi mwezi umenewu. Njala yeniyeni imameza nkhani. Wowerenga akangomva kuti m'nyumba mulibe ufa, zina zonse saziwerengeranso. Koma nsima ikakhala kuti ilipo, kusankha pakati pa shuga ndi juzi kumamveka bwino, chifukwa zonse ziwiri n'zofunika koma palibe chimene chili chakupha.

Chachiwiri: pitani pa msikapo ndi kope

Musalembe msika wa m'mutu. Lizulu ali m'mbali mwa msewu wa M1, pamalo pamene msewuwo ukutsata malire a Malawi ndi Mozambique, moti kuwoloka msewu kokha munthu waponda dziko lina. Apaulendo amadziwa Lizulu chifukwa cha mbatata ya kachewere, kabichi, tomato, anyezi ndi karoti, ndi anyamata othamangira mabasi atanyamula katundu m'mwamba. Apa ndi pamene olemba a m'tauni amaphonyera. Amalemba agogo akugula mbatata ndi kabichi chifukwa ndi zimene iwo amaziona pawindo la basi. Agogo a kuderali mbatata amalima okha, kapena amapatsidwa ndi a pakhomo loyandikana. Msika wawo uli kuseri kwa mzere wa mumsewu uja: kwa ogulitsa mchere, kwa a usipa, pa kaunjika, kuchigayo.

Mukafika, lembani zinthu zitatu zokha. Lembani mitengo ya tsiku limenelo. Lembani miyezo imene anthu akugulitsira, chifukwa pa msika wotere anthu satchula makilogalamu kawirikawiri: usipa ndi tomato n'za pa mulu, nyemba n'za pa mbale kapena pa chigoba, chimanga n'cha pa ndowa, mafuta ophikira ali m'timachubu ndi m'timabotolo, shuga wina ndi wa paketi, wina ndi woyeza m'timapepala. Kenaka khalani pafupi ndi wogulitsa mmodzi kwa kanthawi, mutamupempha bwinobwino, ndipo mumvetsere mmene amayankhulira ndi ogula achikulire. Zimene mumve pamenepo simungazipeke muli kunyumba.

Ngati kwanu n'ku Bembeke, ku Chimbiya, ku Tsangano kapena ku Kampepuza, lembani za msika wanu womwewo. Lizulu pano n'chitsanzo chabe.

Chachitatu: werengani ndalama za agogo mpaka kwacha yomaliza

Apa ndi pamene muyenera kukhalitsa, chifukwa nkhani yonse ikhala pa masamu amenewa. Tengani pepala lapadera, loti wowerenga sadzaliona, ndipo muyankhe mafunso atatu: ndalama zachokera kuti, zilipo zingati, ndipo zili m'mapepala otani.

Gwero la ndalama limasintha mtima wa nkhani. Ndalama za Mtukula Pakhomo, ndalama zobwereka ku banki m'khonde, ndalama zotumizidwa pa foni ndi mwana wa kutauni ndi ndalama zogulitsa nyemba zako sizigwiritsidwa ntchito mofanana. Zotumizidwa zimabwera ndi malangizo a mwini wake. Zobwereka zimabwera ndi chiwongoladzanja. ANangozo athu agulitsa nyemba zimene amasungira mbewu, ndipo mwana wawo wa ku Lilongwe, mayi wa anawo, walonjeza kutumiza kangachepe koma sanatumize. Mfundo imeneyi itchuleni kamodzi kokha m'nkhani, mongodutsa, osaibwereza.

Tinene kuti ali ndi K12,000. Mitengo yotsatirayi ndi ya m'nkhani yathu. Inu mudzaike ya m'kope mwanu. Pali zinthu zimene sangabwerere kunyumba opanda: chigayo K1,500, mchere K500, sopo K1,000, machesi K200. Zonse pamodzi ndi K3,200, ndiye zatsala K8,800. Kenaka ndiwo: usipa milu iwiri K2,000, tomato K1,000, anyezi K500, mafuta ophikira K1,500. Izi ndi K5,000, ndipo pamfundo ya chitenje patsala K3,800.

Tsopano lembani zimene mtima wawo ukufuna. Paketi ya shuga ndi K3,500. Juzi ya mwana pa kaunjika ndi K3,000. Kabaza wowanyamula ndi ufa kubwerera kumudzi ndi K1,500. Zitatuzi pamodzi ndi K8,000, pamene iwo ali ndi K3,800. Kusiyana kumeneku, K4,200, ndiko kusamvana kwa m'nkhani yanu. Simukufunika wakuba, simukufunika ngozi ya galimoto, simukufunikanso wogulitsa wankhanza.

Onetsetsani kuti mpatawo ndi wapakatikati. Agogo akakhala ndi K500 yokha palibe chosankha, nkhani yasanduka dandaulo. Akakhala ndi zokwanira zonse palibenso nkhani. Ndalama zotsala zikwanire chinthu chimodzi chachikulu, kapena tizidutswa ta zinthu ziwiri, koma zisakwanire zonse.

Za mapepala a ndalama musazinyoze. K12,000 ya aNangozo ili motere: K5,000 imodzi, ma K2,000 awiri, ma K1,000 awiri, K500 imodzi, ma K200 awiri ndi ma K50 awiri. Munthu wamkulu amayamba kugwiritsa ntchito zing'onozing'ono, ndipo K5,000 ija amaisunga mpaka zing'onozing'onozo zitaperewera, chifukwa akudziwa kuti ikangophwanyidwa imasungunuka. Ndiye nthawi imene aNangozo akutulutsa K5,000 ikhale nthawi yaikulu m'nkhani. Ma K50 aja, amene ali ndi nkhope ya Inkosi ya Makosi Gomani Wachiwiri, masiku ano sagula kanthu paokha, koma agogo amawapinda mwaulemu ngati ena onse, ndipo kachinthu ngati kameneka kamatiuza zaka zimene munthu wadutsamo.

Samalaninso chaka. Pepala la K2,000 lidatuluka mu 2016, la K5,000 mu 2022, ndipo mu Novembala 2023 kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, mitengo n'kukwera kwambiri. Mukasakaniza mitengo ya 2019 ndi pepala la K5,000, mayi aliyense wopita kumsika adzakugwirani pa ndime yoyamba, ndipo akakugwirani pa mtengo wa mchere sadzakukhulupiriraninso pa za mumtima mwa agogo.

Chachinayi: chinthu chilichonse chikhale ndi mwini wake

Shuga payekha sakhudza munthu. Amakhudza akakhala kuti ndi wa mwana wakutiwakuti. Adzukulu asapitirire atatu, apo ayi wowerenga asokonezeka, ndipo aliyense akhale ndi chinthu chimodzi chimene agogo akumukumbukira nacho. Kwa aNangozo, wamkulu ndi mtsikana wa Fomu 1 amene wayamba manyazi, ndipo chaka chatha adafunsa ngati pali sopo wina wosambira kupatula wochapira. Wapakati ndi mnyamata amene phala lopanda shuga amangolitakasa ndi sipuni. Wamng'ono ndi wa zaka zinayi, amatsokomola kukazizira, ndipo mayi ake amaiwala kuti kumudzi kuno Julayi si wa ku Lilongwe.

Anawa sakuoneka pa msika. Akubwera mawa pa minibasi. Amalowa m'nkhani pokhapokha agogo aima pa benchi imene ili ndi chinthu chawo, kwa chiganizo chimodzi kapena ziwiri, basi. Musatenge ndime yathunthu kufotokoza mbiri ya banja. Wowerenga adzaitolera yekha pa benchi iliyonse.

Chinthu chachitatu pa zimene mtima wawo ukufuna, kabaza uja, ndi cha agogo eni ake. Ichi n'chofunika kwambiri. Pa mndandandawo pakhale chinthu chimodzi cha iwo okha: kabaza chifukwa bondo likuwawa, mankhwala opaka, kapena fodya wa pamphuno. Popanda chimenechi, agogo akungosankha pakati pa adzukulu, ndipo iwo satayapo kanthu. Koma musawasandutse mngelo. Aloleni akhale ndi mdzukulu amene amamukonda kuposa ena, aloleni anenerere mpaka kumutopetsa wogulitsa, aloleni akhale ndi kamtima kofuna kuti a pakhomo loyandikana aone paketi ya shuga pamwamba pa dengu. Agogo enieni ali choncho, ndipo ndi amene timawakonda.

Kumbukiraninso nkhuku. Wowerenga wa kumudzi adzafunsa kuti, bwanji osangowaphera nkhuku anawo? Yankhani funsoli m'chiganizo chimodzi. Mwina chitopa chidasesa khola, kwatsala thadzi limodzi lofungatira. Mwina tambala alipo koma ndi wa tsiku loyamba lokha, ndipo tchuthi ndi cha masabata.

Chachisanu: yendetsani agogo m'msika mwa dongosolo

Tsatanetsatane wa nkhaniyi ndi njira imene agogo akuyenda. Yambani ali kale pa msika kapena pakhomo pa chigayo, osati akudzuka, kusesa ndi kusamba. Ndime zitatu zoyambira kunyumba n'zimene zimapha nkhani zambiri zaifupi.

Munthu wodziwa msika sagula pa ulendo woyamba. Amasiya chimanga pa mzere wa kuchigayo, amazungulira kufunsa mitengo, kenaka amabwerera kukagula. Khalidwe limeneli ndi mphatso kwa wolemba, chifukwa limakupatsani mpata woonetsa juzi ija kawiri kapena katatu. Ulendo woyamba agogo aiona, aigwira, afunsa mtengo, apitirira. Ulendo wachiwiri aona mayi wina akuiyeza pa mwana wake, mtima uli m'mwamba, mayiyo n'kuibweza. Ulendo wachitatu ndi wa chigamulo.

Malo oima asapitirire anayi m'nkhani ya mawu pafupifupi 1,500: chigayo, a usipa, golosale ya shuga ndi kaunjika. Mchere, machesi, tomato ndi anyezi zidutse m'chiganizo chimodzi. Ndalama musazitchule pa ndime iliyonse ngati lisiti. Tchulani zonse pachiyambi, zotsala pakati, ndi zotsala pomaliza. Pena ponse tiwonetseni zala zikumasula mfundo ndi kuimanganso, ndipo mfundoyo izicheperachepera.

Chachisanu ndi chimodzi: anthu ayankhule ngati a pa msika

Mnyamata wogulitsa sanganene kuti "iwe" kwa munthu wamkulu. Amati "agogo" kapena "mayi", ndipo akakhala wowadziwa amawatchula mfunda wawo. Agogo amamuitana kuti "mwananga" kapena "bambo", makamaka pofuna kumufewetsa mtima. Anzawo a msinkhu umodzi amaitanana ndi mfunda: aNangozo, aNaphiri, aNamaseko. Ndipo palibe amene amafika n'kuyamba ndi mtengo; moni amayamba. Taonani mmene zingakhalire kwa a usipa:

"Mwaswera bwanji, bambo?"

"Ndaswera, agogo, kaya inu? Ndiyeze ingati?"

"Tayambani mwanena kaye."

"Wani sauzande mulu. Wadzulodzulo uyu, wosawawa."

ANangozo adatola kamodzi, n'kukathyola pakati, n'kukanunkhiza. "Mulu wake womwewu? Nkhuku itatola apa singadziwe kuti yadya."

"Kunyanja kuli mwera, agogo, asodzi sakulowa. Ifenso tapikula modula."

"Ndiyezereni iwiri. Koma musaiwale banyira, kukubwera alendo."

"Alendo ake ati okudya usipa?"

"Eni mudzi. A ku Lilongwe."

Onani kuti palibe amene wanena kuti zinthu zavuta m'dziko muno, koma tamva. Onaninso kuti wogulitsayo ali ndi chifukwa chake chenicheni: miyezi yozizira mphepo ya mwera imavutitsa asodzi pa nyanja. Wogulitsa akhale munthu wofunanso kudyetsa ana ake. Mukamupanga kukhala mdani, wowerenga adzakwiyira iye m'malo momvera chisoni agogo, ndipo nkhani yapita kwina.

Chenjezo limodzi pa miyambi. Olemba ambiri amaganiza kuti munthu wokalamba akatsegula pakamwa pamatuluka mwambi. Pa msika agogo amakamba za mtengo, za bondo, za mvula ya chaka chatha ndi za maliro a kumudzi wakutsidya. Mwambi umodzi m'nkhani yonse ndi wokwanira, ndipo ngakhale popanda n'komwe nkhani imayenda.

Chachisanu ndi chiwiri: pampondachimera, mfotokozankhani akhale chete

Tafika pa K3,800 ija. Agogo aima pakati pa golosale ndi kaunjika, ufa ukuwadikira kuchigayo, ndipo anyamata a kabaza ali pansi pa mtengo. Musanalembe, gamulani nokha pa pepala lanu. ANangozo anenerera juzi kuchoka pa K3,000 kufika pa K2,500, ndiye kwatsala K1,300. Asiya paketi ya shuga, agula woyeza wa K1,000. Kwatsala K300, imene singakwere kabaza. Ayenda pansi, ufa pamutu.

Chigamulo chikadziwika, ntchito yanu ndi kuchionetsa popanda kuchifotokoza. Kulemba kofooka kumati: "Agogo adamva chisoni chachikulu mumtima mwawo chifukwa umphawi udawalepheretsa kugula shuga, koma chikondi chawo pa adzukulu chidawalimbitsa." Chiganizo chimenechi chamuchitira wowerenga ntchito yonse, ndipo iye alibenso chomva. Yesani motere:

Mnyamata wa m'golosale adali ataika kale paketi ija m'jumbo. ANangozo adaitulutsa, n'kuiyeza m'dzanja ngati akufuna kudziwa kulemera kwake, n'kuyang'ana kutsidya kumene juzi yofiira inkalendewera pa chingwe. Adaikankhira paketiyo pang'onopang'ono kubwerera kwa mwini wake.

"Ndipatseni woyeza, mwananga. Wa wani sauzande."

"Ameneyo sakufikitsani Lachitatu, agogo."

"Azithira ndine."

Mawu awiri omalizawo akunena zonse: kuti shuga adzabisidwa, kuti adzathiridwa ndi dzanja lowerengera, ndiponso kuti m'kapu ya agogo simudzalowa. Pamalo ngati amenewa gwiritsani ntchito ziganizo zazifupi, manja ndi maso. Mawu onga "chisoni", "umphawi" ndi "chikondi" asapezeke pa tsamba limeneli.

Pali msampha wina umene muyenera kuupewa zivute zitani: mpulumutsi. Bwana wotsika m'galimoto n'kulipira zonse, foni yolira kuti ndalama zalowa, wogulitsa wopereka juzi mwaulere. Zoterezi zimafafaniza chigamulo cha agogo, ndipo wowerenga amaona kuti wavutika nawo pachabe. Chifundo chaching'ono n'chololedwa chifukwa chimachitikadi pa msika: kadzanja ka usipa woonjezera, tomato mmodzi wa banyira, mnzawo wowasenzetsa thumba pamutu. Koma chisakhale chachikulu moti n'kutseka mpata wa K4,200 uja.

Chachisanu ndi chitatu: lekezani anawo asanafike

Mtima udzakukokerani kuti mulembe minibasi ikuima, ana akuthamanga, wamng'ono akuvala juzi. Dzigwireni. Nkhani yanu ndi ya kusankha, ndipo kusankha kwatha. Kufika kwa ana ndi nkhani ina. Mukaiphatikiza, mudzakakamizika kunena ngati juzi yakwana kapena ayi, ngati mnyamata wadandaula za shuga, ndipo mathero adzasanduka chiweruzo chonena kuti agogo adachita bwino kapena adalakwa. Siyani wowerenga akangane nazo yekha, chifukwa ena adzati akadagula paketi yathunthu n'kumufunditsa mwanayo chitenje, ndipo mkanganowo ndi umboni woti nkhani yagwira.

Malo abwino olekezera ndi chochita chomaliza cha pa msika kapena poyambira njira. K300 yotsala ija ingakuthandizeni. Kodi agogo aimanga pamfundo kuti ikhale ya mchere wa sabata yamawa? Kodi agula mandasi limodzi loti adye panjira, popeza sanalawe kanthu chichokereni m'mawa? Kapena alinyamula osalidya? Chilichonse mwa izi chikutiuza za munthu wosiyana, ndiye sankhani chogwirizana ndi agogo amene mwatiwonetsa kuyambira pachiyambi. Wa kabaza akawaitana kuti, "Tiyeni agogo, ndikakutuleni," yankho lawo likhale la munthu wosunga ulemu wake. Sanganene kuti ndalama zatha. Anganene kuti akufuna adzere kwa mnzawo wodwala, kapena kuti njinga imawachititsa chizungulire.

Musatseke ndi phunziro. Kusukulu tidazolowera kufunsidwa kuti nkhaniyi ikutiphunzitsa chiyani, ndipo chizolowezicho chimatitsatira polemba. Phunziro alipeze wowerenga.

Chachisanu ndi chinayi: unikani ndi cholembera, kenaka ndi khutu

Nkhani ikatha, isiyeni igone masiku angapo. Pobwerera, yambani ndi masamu. Lembani m'mphepete ndalama iliyonse imene yatuluka, muphatikize, muone ngati ikufika pa K12,000. Onaninso mapepala aja. ANangozo akalipira chigayo ndi K1,000 ndi K500, sangatulutsenso K500 ina kwa a mchere pokhapokha ngati alandira chenji penapake. Onani ngati K5,000 yaphwanyidwa pamalo amene mumafuna, ndipo ngati wogulitsa wa pamenepo angakhale ndi chenji chake. Wa tomato nthawi zambiri amayenera kuthamanga kukasinthitsa kwa mnzake, ndipo kudikira kumeneko kungakupatseni mpata woti agogo ayang'anenso juzi ija.

Kenaka unikani nyengo. Ngati mwaika mango kapena masuku pa msika wa Julayi, achotseni, muikepo nzimbe kapena mbatata yowotcha. Ngati agogo akutuluka thukuta m'mawa wa Julayi pa Lizulu, mwaiwala kumene muli. Unikaninso katundu: munthu wa bondo lowawa sangasenze thumba la makilogalamu 50. Ndowa imodzi ya chimanga ndi imene apite nayo kuchigayo, ndipo mtengo wa chigayo ugwirizane ndi ndowa imodziyo.

Tsopano fufuzani ziganizo zonse zimene mfotokozankhani akunena zimene agogo akumva mumtima. Pa chilichonse dzifunseni ngati pali chochita cha manja kapena mawu a pakamwa amene anganene zomwezo. Ngati alipo, chotsani chiganizocho. Ngati palibe, chisiyeni, koma zotere zisapitirire ziwiri kapena zitatu m'nkhani yonse. Chizindikiro china choti nkhani yafooka ndi ichi: mukachotsa dzina la Lizulu n'kuikapo la msika wa mumzinda, nkhani n'kuyendabe osasintha kanthu, ndiye kuti malowo simunawalembe. Bwererani ku kope lanu mukatengemo zinthu ziwiri kapena zitatu zimene zili za pamalopo pokha.

Pomaliza, iwerengeni mokweza kwa mayi wachikulire amene amapita kumsika yekha. Musamufunse ngati nkhaniyo ndi yabwino, chifukwa mwaulemu adzati ndi yabwino. Mufunseni kuti akadakhala iye akadagula chiyani ndi K3,800 ija, ndipo mumvetsere pamene akukudulani mawu. Akati, "Aaa, sopo wa mtengo umenewo ali kuti?" konzani mtengowo. Akati wogulitsa sangayankhe choncho kwa munthu wamkulu, lembani mmene iye wanenera. Akayamba kukangana ndi aNangozo ngati munthu amene amamudziwa, ndime imeneyo musaikhudzenso, pitani mukakonze zina zimene wakudulanipo.